Chimene chimapanga mzinda ndi Gazeti, si nyumba zosanjikizana

Munthu akaima pa msika wa Eliya 13 nthawi ya nkhomaliro n'kuona Kang'ombe House, Gemini House ndi nyumba ya Reserve Bank, sangakayike kuti ali mumzinda. Ambiri timaganiza kuti nyumba zosanja ngati zimenezi, misewu ya phula ndi kuchuluka kwa anthu ndizo zimachititsa kuti malo atchedwe mzinda. Lamulo la dziko lino silinena choncho. Lilongwe adakhala mzinda mu 1975, chaka chomwe likulu lidasamuka ku Zomba, pamene mbali yaikulu ya City Centre inali isanamangidwe. Kalembera wa 1966 adapeza anthu 19,425 okha mu Lilongwe, ndipo wa 1977, patatha zaka ziwiri ali kale mzinda, adapeza 98,718. Dzina la mzinda lidayamba kufika, anthu adabwera pambuyo.

Lamulo lomwe likugwira ntchito lero ndi la Maboma Aang'ono la 1998, ndipo nkhani yonse ili m'ndime 4. Ndimeyi imagawa dziko m'madera a makhonsolo, omwe maina ake adalembedwa pa mndandanda woyamba kumapeto kwa lamulolo. Nduna yoona za maboma aang'ono ili ndi mphamvu yolengeza mu Gazeti ya boma kuti dera lakuti ndi tauni kapena manisipaliti. Ulemu wa mzinda wokha sauika m'manja mwa nduna: Mtsogoleri wa Dziko ndiye amaupereka, nayenso kudzera mu Gazeti, ndipo amaupereka kwa dera lomwe lili kale manisipaliti. Ndiye kuti pali makwerero atatu, tauni, manisipaliti, mzinda, ndipo lachitatulo ndi la pulezidenti.

Mizinda yathu inayi idakwera motero. Lilongwe, yemwe adayamba ngati boma la atsamunda m'mbali mwa mtsinje, kumene lero timati Old Town, adakhala tauni mu 1947, manisipaliti mu 1966, mzinda mu 1975. Mzuzu adayamba ngati munda wa mitengo ya tang'a m'zaka za m'ma 1940, n'kukhala manisipaliti mu 1980 ndi mzinda mu 1985. Zomba, likulu lakale, adadikira mpaka 2008, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, pamene Blantyre adatsogola onse mu 1966.

Chofunika kuchiona m'ndime 4 ndi zomwe mulibemo. Simutchulidwa chiwerengero cha anthu chomwe dera liyenera kufika. Simutchulidwa ndalama zomwe khonsolo iyenera kumatolera, kutalika kwa misewu, galimoto zozimitsa moto kapena mipope ya madzi oipa. Simunenanso kuti anthu a m'deralo ayambe afunsidwa. Chigamulo chili kwa nduna ndi pulezidenti, ndipo tsiku lomwe Gazeti yatuluka, dera lasintha dzina ndi ulamuliro.

Zotsatira zake zimaoneka bwino tikaika maina a makhonsolo pambali pa kalembera wa 2018. Luchenza anali ndi anthu 12,600 ndipo anali manisipaliti, wokhala ndi khonsolo yakeyake ndi meya. Tauni ya Karonga inali ndi anthu 61,609, pafupifupi kasanu kuposa Luchenza, koma panthawiyo inalibe khonsolo yakeyake. Inkayendetsedwa ndi khonsolo ya boma la Karonga pamodzi ndi midzi yonse. Kasungu, wa anthu 58,653, anali manisipaliti. Izi zidachokera pa kusintha kwa m'ma 2010. Kale kunali makhonsolo a tauni 8: Balaka, Dedza, Karonga, Kasungu, Liwonde, Luchenza, Mangochi ndi Salima. Kasungu ndi Luchenza adakwezedwa, Mangochi adatsala tauni, ndipo asanu enawo adathetsedwa n'kulowa m'maboma awo. Makhonsolo adatsika kuchoka pa 40 kufika pa 35. Palibe nyumba yomwe idagwa ku Salima kapena ku Dedza chaka chimenecho. Chidasintha ndi mndandanda wa m'lamulo, ndipo izi zikutiuza kuti makwerero aja amatsikikanso.

Maiko ena adasankha njira zina, ndipo Kenya ndiye ali kutali kwambiri ndi ife. Lamulo lawo la matauni ndi mizinda la 2011 lidalemba manambala poyera. Poyamba mzinda unkafunika anthu 500,000. Mu 2019 adatsitsa kufika 250,000, pamene manisipaliti imafunika 50,000, tauni 10,000. Koma anthu okha sakwanira. Dera liyenera kuonetsa kuti lili ndi ndondomeko ya chitukuko, kuti limatolera ndalama zokwanira kudziyendetsa, ndi kuti lingathe kupereka ntchito zomwe lamulo lidandandalika. Pempho limadutsa ku nyumba ya malamulo ya chigawo, kenako ku Seneti, ndipo pulezidenti amabwera pomaliza kudzapereka chikalata. Nakuru adadutsa njira imeneyi n'kukhala mzinda pa 1 Disembala 2021, Eldoret mu Ogasiti 2024. Tikadabwereka muyeso wa Kenya n'kuyesera kalembera wathu wa 2018, Lilongwe wa anthu 989,318 ndi Blantyre wa 800,264 akadadutsa, koma Mzuzu wa 221,272 ndi Zomba wa 105,013 akadatsala.

Njira yathu idachokera ku Britain, komwe mzinda ndi ulemu wopatsidwa ndi mfumu ya dziko kudzera m'kalata yake. Kale ulemuwu unkatsata tchalitchi cha bishopu, n'chifukwa chake St Davids ku Wales, wa anthu osafika 2,000, ndi mzinda mpaka lero, pamene Reading, wa anthu oposa 150,000, adapempha kangapo koma akadali tauni. Kumeneko dzinali silionjezera mphamvu iliyonse kwa khonsolo. Aneba athu a ku Zambia adatengera komweko. Lusaka adalandira ulemuwu mu 1960, dziko lisanadziimire palokha, ndipo Chipata, kutsidya kwa Mchinji, adalengezedwa ndi Edgar Lungu mu Febuluwale 2017 kukhala mzinda wachisanu, pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Kusiyana kumodzi n'kwakuti kuyambira 2016 a Zambia amasankha okha meya pa pepala lovotera, pamene kuno makhansala ndiwo amasankhana okhaokha.

Achibale athu a ku Joni ali pansi pa dongosolo lina. Lamulo la ku South Africa la 1998 siligawa malo kukhala tauni ndi mzinda. Dziko lonse, midzi ndi mafamu omwe, lili m'mamanisipaliti a magulu atatu, ndipo akuluakulu 8, monga Johannesburg, Tshwane ndi Cape Town, amayendetsa okha ntchito zonse za m'dera lawo. Kumeneko chofunika ndi gulu lomwe khonsolo ilimo, osati dzina. Ku Mozambique, Tete amakumbukira 21 Malichi 1959 ngati tsiku lomwe adakwezedwa kukhala mzinda, koma kukhala ndi khonsolo yosankhidwa sikudalira dzinalo: Ulongwe, ku Angonia, ndi tauni, komabe ali ndi khonsolo yake.

Tibwerere kwathu, chifukwa funso lomwe limakhudza thumba la munthu ndi lakuti dzinali limasintha chiyani. Pakati pa manisipaliti ndi mzinda, lamulo silisintha zambiri. Onse ali ndi makhansala, meya ndi mkulu woyendetsa ntchito, onse amatolera misonkho ndi kupanga malamulo awo aang'ono. Zomba atakwezedwa mu 2008, mphamvu za khonsolo yake zidachokerabe m'lamulo lomwelo. Mzere womwe umasintha moyo wa munthu ndi wa malire, pakati pa khonsolo ya m'tauni ndi khonsolo ya boma. Lilongwe ali ndi makhonsolo awiri a dzina limodzi. Wina ndi wa mzinda, womwe maofesi ake ali ku City Centre ndipo umalamulira maeliya, kuyambira Eliya 1 mpaka 58, kuphatikizapo Lumbadzi. Wina ndi wa boma, woyendetsedwa ndi bwanamkubwa, womwe maofesi ake ali mkati mwa mzinda momwemo koma dera lake ndi Mitundu, Nathenje, Mpingu ndi kwina konse kunja kwa malire. Anthu ambiri amatha nsapato kupita ku ofesi yolakwika chifukwa cha zimenezi.

Kusintha koyamba ndi kwa mafumu. Lamulo la Mafumu la 1967, m'ndime 3, limati mfumu siingagwiritse ntchito mphamvu zake mkati mwa mzinda, manisipaliti kapena tauni pokhapokha khonsolo ya deralo italoleza polemba. Aliyense wokhala ku Chinsapo, Mtandire kapena Kauma akudziwa kuti pamaliro, pa mkangano wa malire kapena pofuna kalata ya umboni, anthu amathamangira kwa amfumu, ndipo ntchito imeneyi ndi yeniyeni. Mu 2015 boma litakumbutsa za ndimeyi n'kufuna kuchotsa mafumu a m'mizinda pa mswahala, padabuka mkangano waukulu. Koma wogula malo ayenera kusiyanitsa ulemu womwe mfumu ili nawo ndi mphamvu yomwe lamulo limaipatsa. Kalata ya amfumu ndi chidindo chawo si umwini wa puloti mumzinda. Malo a mu Lilongwe ali m'manja mwa eni malo odziwika, makamaka Unduna wa Zamalo, womwe uli ku Zowe House, bungwe la Malawi Housing Corporation, ndi khonsolo ya mzinda yomwe imayang'anira madera omwe anthu amamanga okha nyumba zawo. Musanapereke ndalama, funsani kuti malowo ali m'kaundula wa ndani mwa amenewa, ndipo mukaone nokha.

Kusintha kwachiwiri ndi kwa kumanga. Mkati mwa malire a mzinda, simukumba maziko mapulani asanavomerezedwe ndi komiti yoona za mapulani. Puloti iliyonse ili ndi ntchito yomwe idaikidwira, ndiye kusandutsa nyumba yogona ya ku Eliya 10 kapena Eliya 12 kukhala ofesi, sukulu ya mkaka kapena malo ogona alendo kumafuna chilolezo chosintha ntchito ya malo. Oyandikana nawo ali ndi ufulu wokadandaula, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito, ngakhale kugwetsa chomwe chamangidwa popanda chilolezo.

Kusintha kwachitatu ndiko kumapweteka ambiri: msonkho wa malo ndi nyumba, womwe timautcha masitereti. Apa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Pali lendi ya nthaka, yomwe mumalipira kwa mwini malo amene adakupatsani lizi, nthawi zambiri Unduna wa Zamalo. Ndiye pali masitereti, omwe amapita ku khonsolo. Kulipira chimodzi sikuchotsa ngongole ya chinzake.

Masitereti amayamba ndi kaundula wa mitengo ya malo ndi nyumba. Lamulo limati kaundulayu azikonzedwa mwatsopano zaka zisanu zilizonse, ndipo pakatikati pazikhala kaundula woonjezera wolowetsa nyumba zatsopano ndi zokuzidwa. Katswiri wovomerezeka amaika mtengo pa nthaka ndi pa zomangidwa, kenako khonsolo imagamula kuti pa kwacha iliyonse ya mtengowo padulidwe zingati. Wolipira ndi mwini nyumba, osati wa lendi. Malo opembedzera, manda, ndi sukulu kapena zipatala zosachita malonda sizilipira, ndipo boma limayenera kulipira theka la msonkho pa nyumba zake, zomwe zili ndi tanthauzo lalikulu mumzinda wodzaza maofesi a boma ngati uno.

Tiyerekeze ndi mayi wamasiye wa ku Eliya 47, ndipo manambalawa ndi ongoyerekezera. Nyumba yake yalembedwa m'kaundula pa K50 miliyoni, ndipo khonsolo yagamula tambala 20 pa K100 iliyonse. Msonkho wake ndi K100,000. Akaona kuti mtengo wa nyumbayo waonjezedwa, mwina alemba kuti ili ndi nyumba ina kuseri pamene kulibe, ali ndi ufulu woona kaundulayo ndi kulemba kalata yotsutsa. Nthawi yake ndi yochepa, masiku 28 okha, ndiye kalata ya msonkho ikafika si yosunga pansi pa matilesi. Kutsutsa sikuimitsa ngongole. Amalipirabe podikira yankho, ndipo akapanda kukhutira nkhani imapita ku bwalo loona za mitengo ya malo. Akangokhala chete masiku 60 n'kudutsa, lamulo limalola chindapusa cha 4 pa 100 mwezi uliwonse. Pa K100,000 ndiye K4,000 pamwezi, K48,000 pachaka, pafupifupi theka la ngongole yoyamba ija. Ngongole ikatha zaka zitatu, khonsolo imalengeza dzina la malowo mu Gazeti ndi m'nyuzipepala, ndipo ingathe kudzera ku khoti kulanda nyumbayo n'kuigulitsa pa okushoni. Mchemwali wake yemwe adamanga nyumba yofanana pa malo a makolo ku Mpingu salandira kalata yotere. Atha kuyamba kuilandira tsiku lomwe malire a mzinda adzakuzidwe, kapena nduna ikadzalengeza kuti dera lakelo liyambe kulipira msonkhowu, pakuti lamulo limalolanso zimenezo m'madera a khonsolo ya boma.

Msonkhowu uli ndi mbali yake inayo, ndipo ndi pamene ufulu wa nzika uli. Malamulo Aakulu a dziko, m'ndime 146, amapatsa makhonsolo udindo woimirira anthu a m'dera lawo ndi kusamalira umoyo wawo, ndipo lamulo la 1998 limatchula ntchito zake: kuchotsa zinyalala, misewu ya m'madera ndi ngalande zake, misika, manda, ukhondo wa malo odyera, kuzimitsa moto. Wolipira masitereti sakupempha chifundo akafunsa chifukwa chomwe galimoto ya zinyalala imafikira mizere ina n'kusiya ina. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma likugwira ntchito, kotero mungathe kulemba kalata yopempha bajeti, ndalama zomwe zatoleredwa ndi momwe zagwirira ntchito. Khomo loyamba ndi khansala wa wodi yanu. Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Mizinda inali mizinda ndithu pa pepala, misonkho inkatoleredwa, koma panalibe wosankhidwa woti mumufunse. Kwa ine zaka zimenezo ndi umboni wokwanira kuti dzina la mzinda palokha siliteteza munthu.

Nkhaniyi ikufunika kuimvetsa panopa chifukwa cha masomphenya a Malawi 2063. Pansi pa masomphenyawa boma lidasankha madera 8 oti atukulidwe kukhala mizinda yothandizira ikuluikulu ija: Karonga, Nkhata Bay, Salima ndi Chipoka, Kasungu, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Kulembedwa m'ndondomeko imeneyi sikusintha lamulo. Bangula sakhala mzinda chifukwa chakuti buku la mapulani lamutcha choncho. Ayenera kudutsa makwerero a ndime 4 ngati ena onse. Ndipo tsiku lomwe adzayambe kukwera, malire atsopano adzameza midzi ndi minda ya anthu, mphamvu za mafumu a m'kati mwake zidzadalira chilolezo cha khonsolo, kumanga kudzafuna mapulani, ndipo makalata a msonkho adzatsatira.

Ndikuona kuti apa lamulo lathu lili ndi mpata womwe uyenera kutsekedwa. Sindikunena kuti tingokopera nambala ya Kenya. Chiwerengero cha anthu chokha chikadamana Mzuzu ulemu womwe udathandiza chigawo cha kumpoto kukhala ndi likulu lake, ndipo dziko lili ndi ufulu wokweza malo pa zifukwa za mbiri kapena za ulamuliro. Chomwe tingatengeko n'chakuti muyeso ulembedwe poyera, ndipo uyese zomwe khonsolo ingathe kuchita: imatolera zingati poyerekeza ndi zomwe imagwiritsa ntchito, kaundula wake wa mitengo ndi wa chaka chiti, ili ndi kotayira zinyalala kovomerezeka, ili ndi galimoto yozimitsa moto yoyenda. Pakhalenso lamulo lokakamiza kuti anthu omwe alowetsedwe m'malire atsopano amvedwe Gazeti isanatuluke. Popanda zimenezi, kukweza dera kumatha kusanduka mphatso ya pa msonkhano wa ndale, ndipo olipira mtengo wake ndi anthu omwe sadafunsidwe.

Inu omwe muli ndi malo m'mphepete mwa Lilongwe, kapena m'madera 8 aja, pitani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo mukapemphe kuona mapu a malire, mudziwe mbali yomwe puloti yanu ili ndi kaundula yemwe idalembedwamo. Mukamva wandale akulonjeza kuti kwanu kukhala mzinda, mufunseni kuti malire ake adutsa pati, msonkho uyamba liti, ndipo khonsoloyo idzakupatsani ntchito ziti posinthana ndi ndalama zanu.